Avereji ya Nthambi ya Kumsika

Lolemba m'mawa a Kalondolondo anandiponyera pepala patebulo, likugwera pa kiyibodi.

"Ulitayipe bwino. Lachisanu likupita kumsonkhano."

Moni sanandipatse. Iwowa ndi mkulu wa mapulogalamu pabungwe lathu, ndipo dzinalo tinawapatsa chifukwa amatha kukulondola mpaka pakhomo la chimbudzi kukufunsa lipoti. Bungwe lathu limathandiza anthu amene anadwalapo sitiroko. Tili ndi nthambi zitatu: ya kumsika, ya kusiteshoni ndi ya kumtunda. Panthambi iliyonse pamachitika magawo amitundu itatu: mafizo olimbitsa manja ndi miyendo, gawo lophunziranso kulankhula, ndi gawo la achibale osamalira odwala. Ine ndine mlembi wa kulikulu. Mwezi ukatha, nthambi zimanditumizira mafayilo a anthu obwera, ine n'kuwalumikiza pamodzi.

Mwezi umenewo mmodzi wa madokotala athu awiri a mafizo anali atasiya ntchito. Wotsalayo sakanatha kuzungulira nthambi zonse zitatu, choncho abwana aakulu, mayi wosakonda kubwereza mawu, ananena kuti Lachisanu tikhala pansi tione nthambi yoti itsekedwe.

Ndinayang'ana pepala lija. A Kalondolondo anali atalemba pamanja chiwerengero cha obwera mu Epulo ndi mu Seputembala. Kusiteshoni, 238 kufika 270. Kumtunda, 221 kufika 215. Kumsika, 276 kufika 118, atazunguliza ndi cholembera chofiira kawiri.

Nthambi ya kusiteshoni ankaiyang'anira okha a Kalondolondowo. Ya kumsika ankayendetsa achemwali anga, obadwa bere limodzi.

"Manambalawa mwawatenga kuti?" ndinafunsa.

"M'fayilo yako yomweyo. Ndinasefa nthambi imodziimodzi n'kuphatikiza. Kapena ukuona ngati kompyuta amaidziwa ndi iwe wekha?"

"Ndimangofunsa."

"Ntchito yako ndi kutayipa. Kufunsa n'kwa ife."

Abwana aakulu anali ataima pakhomo la ofesi yawo, kapu ya tiyi m'manja. Anamva zonse.

"Mlembi," anatero, "pepala la miyezi iwiri silindikwanira. Ndikufuna mwezi uliwonse kuyambira Januwale, nthambi iliyonse. Mumatha kupanga pivoti tebulo?"

"Ndimatha, bwana."

"Pangani. Lachisanu tidzaionere pakhoma."

A Kalondolondo anatenga pepala lawo, analipinda kanayi, natuluka akung'ung'udza kuti masiku ano ngakhale otayipa asanduka akatswiri.

Ndinayamba tsiku lomwelo. Fayilo yathu ili ndi mzere umodzi pa gawo lililonse lomwe lachitika: tsiku, nthawi, nthambi, mtundu wa gawo, ndi anthu obwera. Mizere inali yoposa mazana asanu. Ndinaisankha yonse n'kulamula kompyuta kuti ipange pivoti patsamba latsopano. Kumanja kwa sikirini kunabwera mndandanda wa mitu ija, pansi pake mabokosi anayi. Ndinakokera "nthambi" m'bokosi la mizere, "tsiku" m'bokosi la makolamu, "obwera" m'bokosi la manambala.

Zomwe zinatuluka zinali zamanyazi. M'malo mwa nthambi zitatu munatuluka zisanu ndi imodzi. Panali "Kumsika", panali "Ku msika", panalinso "Kumsika" wina wooneka chimodzimodzi ndi woyambayo, koma nditamufufuza ndinapeza kuti kumapeto kwake kuli kampata kosaoneka. Kusiteshoni nakonso wina anali atalemba "Siteshoni". Kwa kompyuta, amenewo ndi malo osiyana. Manambala nawo anali ang'onoang'ono, chifukwa pivoti inkawerenga mizere m'malo mophatikiza anthu. Ndinapeza chifukwa chake pamzere wina wa kumtunda, pomwe a Sisitala, nesi wopuma amene amayendetsa nthambiyo, analemba kuti "12 ndi mlendo" m'malo mongolemba nambala. Mawu akalowa m'kolamu ya manambala, pivoti imayamba ndi kuwerenga mizere. Masiku nawo anakana kugawidwa m'miyezi, chifukwa ena anali olembedwa ngati mawu wamba, "3 Juni", "Lachinayi pa 12".

Ndinatha Lolemba ndi Lachiwiri ndikukonza zimenezi. Ndinaimbira a Sisitala kufunsa za mlendo uja, iwo n'kundikalipira kuti ndawasokoneza akumwa tiyi pankhani yopanda mchere. Mlendoyo anali mdzukulu wa wodwala, choncho ndinalemba 12. Masiku okayikitsa ndinawafananiza ndi marejisitala a mapepala omwe ali m'kabati. Nditamaliza ndinadina rifureshi, chifukwa pivoti siona zomwe wasintha mpaka utaiuza kuti iyang'anenso. Nthambi zinabwerera pa zitatu. Ndinagawa masiku m'miyezi, makolamu asanu ndi anayi n'kundandalika, Januwale mpaka Seputembala.

Kumsika mu Seputembala kunali anthu 159, osati 118. A Kalondolondo posefa anasankha "Kumsika" mmodzi yekha, mizere inayi n'kutsala kunja.

Kenako ndinasintha bokosi la manambala kuti m'malo mophatikiza lizipereka avereji, kutanthauza anthu angati pa gawo limodzi. Apa mpamene ndinaseka ndekha. Kusiteshoni avereji inatsika kuchoka pa 14 mu Epulo kufika pa 9 mu Seputembala. Chiwerengero chawo chinkakwera chifukwa kuyambira Meyi a Kalondolondo anawonjezera magawo, kuchoka pa 17 pamwezi kufika pa 30. Anthu omwewo ankangowamwaza m'masiku ambiri.

Kuseka kwanga sikunakhalitse. Kumsika nako avereji inali itagwa, kuchoka pa 16.2 kufika pa 9.4. Ndinakokera "mtundu wa gawo" pansi pa "nthambi" kuti ndione pomwe pakudontha. Gawo la kulankhula linali pa 10 chaka chonse. La osamalira odwala pa 14. Koma mafizo, omwe amachitika Lachiwiri ndi Lachinayi, anayenda motere: 19, 20, 21, 20, 20, kenako Juni 13, Julayi 10, Ogasiti 8, Seputembala 7.

Ndinabwerera kufayilo yaikulu n'kuyang'ana kolamu ya nthawi, yomwe miyezi yonseyi ndinkangoilumikiza osaiwerenga. Mpaka kumapeto kwa Meyi mafizo a kumsika ankayamba 8 koloko m'mawa. Kuyambira sabata yoyamba ya Juni ankayamba 2 koloko masana. Palibe kulikulu amene anauzidwa.

Mayi athu anamwalira pa 27 Meyi.

Bambo athu anadwala sitiroko zaka zitatu zapitazo. Mbali yakumanja siigwira, mawu amatuluka awiri kapena atatu. Mayi ndi amene ankawasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa. Maliro atatha, achemwali anawatengera bambo kwawo. Sitinakhale pansi kukambirana. Iwo anangonyamula chikwama cha mankhwala, ine sindinawaletse. Ndinkapitako Lamlungu masana, ndi sopo ndi matewera, kukhala ola limodzi n'kubwerera.

Lachitatu ndinaweruka msanga n'kupita kwa achemwali. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akufinya mashiti a pabedi. Bambo anali pawilutcheya pakhonde, thaulo pachifuwa, akuyang'ana mpanda.

"Lero si Lamlungu," anatero achemwali osatembenuka. "Wasochera?"

Ndinagwada kupereka moni kwa bambo. Anandigwira chala ndi dzanja lamanzere, kenako anandisiya. Ndinatulutsa pepala lomwe ndinasindikiza n'kupita nalo kuseri.

"Achemwali, taonani izi."

"Manja anga ali ndi thovu. Werenga."

Ndinawerenga manambala a mafizo, mwezi ndi mwezi. Iwo anapitiriza kufinya.

"Ndiye?"

"Munasintha nthawi."

"Ndinasintha."

"Osauza abwana."

"Ndikanawauza akanati chiyani? Akanati pezani wantchito. Wantchito woyamba anathawa patatha masiku anayi. Wachiwiri ndinamupeza akuwakalipira bambo ako ngati mwana chifukwa anadziipitsira. Alamu ako amaweruka 1 koloko. Akalowa pakhomo ine ndimatuluka, kuthamangira basi. Iweyo ukanatani?"

"Koma odwala aja amabwera ndi achibale popita kuntchito m'mawa. Masana alibe owaperekeza. Anthu khumi ndi atatu asiya mafizo, achemwali."

Anaponya shiti m'beseni, madzi n'kundithovukira pasiketi.

"Ukundiwerengera ine anthu? Ndimawadziwa mayina onse. Ndikudziwa amene mwendo wake wayambanso kuuma. Usabwere pano ndi kapepala kako kudzandiuza zomwe zimandisowetsa tulo. Iwe unayamba wawasambitsapo bambowa? Kamodzi kokha? Ukudziwa kuti kumsana kwawo kuli chilonda?"

Sindinkadziwa.

"Mwana wa mayi anga, manja osalala ngati a khanda. Ubwera Lamlungu utadzola mafuta onunkhira, ukhala pampando wabwino, uyang'ana foni, kenako, 'Bambo, ndapita.' Lero wabwera ndi avereji."

"Ine ndikufuna kukuthandizani. A Kalondolondo akufuna nthambi yanu itsekedwe."

"Thandiza ndiye. Abwana anakuuza kuti chiyani? Mwezi uliwonse, nthambi iliyonse. Anatchula za mtundu wa gawo?"

"Ayi."

"Anatchula za nthawi?"

"Ayi."

"Basi. Onetsa zomwe anakutuma. Sindikuti uname. Ine m'rejisitala sindinanamepo, ndinalemba 2 koloko chifukwa inali 2 koloko. Ndikungoti tseka pakamwa kamodzi m'moyo mwako, monga umatsekera maso ukafika pano."

Ndinachoka osatsanzika. Pageti ndinamva akuuza bambo mokweza kuti, "Mwana wanu wokondedwa uja wapita."

Lachinayi ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana kolamu ya nthawi. Ndinaisankha, chala chili pa batani lofufutira. Koma mafayilo ochokera kunthambi anali mu imelo ya ofesi, marejisitala ali m'kabati, ndipo ndinadziwa kuti ndikafufuta ndiye kuti ndayamba bodza lenileni. Ndinangoibisa kolamuyo kuti isamaoneke pasikirini. Mu pivoti ndinachotsa "mtundu wa gawo", n'kusiya nthambi zitatu ndi miyezi isanu ndi inayi. Ndinadziuza kuti ndachita zomwe anandituma.

A Kalondolondo anadutsa kawiri kumbuyo kwanga. Kachiwiri anaima.

"Ndamva dzulo unapita kwa mkulu wako."

"Ndinapita kukaona bambo anga."

"Lachitatu? Chikondi chakula." Anawerama mpaka ndinamva fungo la mankhwala otsukira mkamwa. "Ndikuuze, mtsikana iwe. Ndakhala pano zaka khumi ndi chimodzi. Ukaphika manambala ndidzanunkhiza."

Lachisanu tinakumana m'chipinda chamisonkhano 10 koloko. Ndi chipinda chopapatiza, tebulo lalitali, zenera limodzi lomwe tinatchinga ndi katoni kuti purojekitala izioneka. Abwana aakulu anakhala kumutu. A Kalondolondo kumanja kwawo, a Sisitala kumanzere ndi chikwama chawo pamiyendo, dokotala wa mafizo pafupi ndi khomo. Achemwali anafika mochedwa ndi mphindi khumi, bulauzi itanyowa m'khwapa. Anali atapempha mayi woyandikana nawo nyumba kuti akhale ndi bambo maola awiri. Sanandiyang'ane.

A Kalondolondo anayamba okha, asanapatsidwe mpata. Anawerenga pepala lawo lija, natsindika 118.

"Nthambi yataya anthu oposa theka. Ine sindikuona chokambirana."

"Mlembi," anatero abwana.

Ndinayatsa. Tebulo linaoneka pakhoma, manambala ophatikiza. Ndinafotokoza za mayina olembedwa mosiyana ndi mizere inayi yomwe inatsala, kuti nambala yoona ndi 159.

"Ngakhale 159," anatero a Kalondolondo. "Kwanga ndi 270. Kapena kusukulu kwanu 159 imaposa 270?"

Ndinasintha kukhala avereji. Manambala onse pakhoma anasintha nthawi imodzi. A Sisitala anatulutsa magalasi m'chikwama.

"Kusiteshoni 9?" anatero a Sisitala. "Inu a mapulogalamu, si paja mumatiuza kuti kwanu anthu akusowa pokhala?"

"Zabodza izi! Wachita dala mwanayu."

"Mu Epulo munali ndi magawo 17," ndinatero. "Mu Seputembala 30. Mukagawa 270 ndi 30 mupeza 9."

"Magawo 30 ake ati? Ndionetse!"

Kunena zoona ndinkamva kukoma. Ndinaika mausi pa 9 uja n'kudina kawiri. Ukatero, pivoti imatsegula tsamba latsopano lokhala ndi mizere yonse yomwe yapanga nambala imeneyo. Mizere 30 inandandalika pakhoma. Ena mwa magawowo anali ndi anthu atatu, ena anayi.

Ndipo pakati pa tsiku ndi nthambi panali kolamu ya nthawi. Kubisa kolamu m'fayilo yaikulu sikuichotsa mu pivoti. Ndinkadziwa zimenezi, koma ndinali nditaziiwala.

"Dokotala," anatero abwana, "ndiye kuti mumapita kusiteshoni kangati pasabata?"

"Kanayi, bwana. Tsiku lina ndinapeza anthu awiri, wina anali mlonda."

A Sisitala anaseka mpaka kutsokomola. Khosi la a Kalondolondo linatupa pamwamba pa tayi. Anaimirira, nazungulira tebulo, n'kundilanda mausi m'manja.

"Chabwino. Mwandivula ine, tivulenso ena. Kumsika kwagwa kuchoka pa 16 kufika pa 9, mlembi wathu sakunenapo kanthu. Bwanji? Poti ndi magazi amodzi?"

Anabwerera patsamba la pivoti. Kumanja kunali mndandanda wa mitu uja, ndipo anauwerenga mokweza.

"Mtundu wa gawo. Bwanji ichi sichili m'tebulo?"

"Abwana anati nthambi ndi miyezi," ndinayankha.

"Chiikeni," anatero abwana.

A Kalondolondo anayesa kukoka, koma anachiponya m'bokosi la makolamu, tebulo n'kutambasuka mpaka kutuluka pakhoma. Anatukwana chapansipansi.

"Mpatseni mwini wake," anatero abwana.

Anandikankhira mausi. Ndinayang'ana achemwali. Anali akuyang'ana manja awo, omwe anali osweka m'mphindi chifukwa cha sopo. Ndinakokera mutuwo pansi pa "nthambi". Mizere itatu inatseguka pansi pa nthambi iliyonse, ndipo wa mafizo a kumsika unaonekera kwa aliyense: 20, 13, 10, 8, 7.

"Ehe!" anatero a Kalondolondo. "Dina pa 7 apo. Monga unachitira kwanga."

Ndinadina kawiri. Mizere isanu ndi inayi, yonse 14:00.

"Tsopano Meyi."

Yonse 8:00.

Dokotala anakanda kumutu. "Ine ndimafika kumsika kawiri pamwezi. Anandiuza kuti nthawi yasintha, ndinkayesa zachokera kuno."

"Sizinachokere kuno," anatero abwana. Anatembenukira kwa achemwali. "Mayi, ndani anakulolani?"

"Palibe."

"Chifukwa?"

"Ndili ndi wodwala kunyumba. Bambo anga. M'mawa ndilibe womusiyira."

"Miyezi inayi, osandiuza?"

"Ndinkaopa kuti mundichotsa."

"Ndiye munasankha kuti achoke odwala."

A Kalondolondo anali atabwerera pampando, akuwongola tayi.

"Ndipo mlembiyu ankadziwa," anatero. "Anapita kwawo Lachitatu. Afunseni. Banja limodzi likuyendetsa bungwe ngati golosale ya kwawo."

"Mlembi, munkadziwa?"

"Ndinadziwa Lachiwiri, bwana."

"Munachotsa dala mtundu wa gawo?"

"Inde."

"Pali nambala yomwe mwasintha?"

"Ayi. Marejisitala ali m'kabati, mukhoza kufananiza."

"Ndifananiza," anatero, ndipo anatumadi a Sisitala kukatenga rejisitala ya kumsika. Tinakhala mphindi makumi awiri, abwana akuwerenga tsamba ndi tsamba, chala pamzere, maso pakhoma. Purojekitala inkangolira.

Atatseka rejisitala ananena zomwe agamula, osakweza mawu. Nthambi sitseka mwezi uno. Kusiteshoni magawo abwerere pa anayi pasabata kuyambira Lolemba, kuti dokotala apume. Kumsika mafizo abwerere 8 koloko, ndipo aziyendetsa a Sisitala pamodzi ndi nthambi yonseyo. Achemwali atsike paudindo, azingothandiza magawo a masana, ndipo alandira kalata yochenjeza. Mu Januwale tidzaonanso tebulo lomweli, ndipo nthambi yomwe avereji yake idzakhale pansi ndiyo idzatsekedwe.

"Ine zaka zanga zino ndizikwera mabasi awiri?" anadandaula a Sisitala. "Chifukwa cha anthu ena osatha kulankhula?"

"Nanga mlembi?" anafunsa a Kalondolondo.

"Mlembi alandiranso yake. Atayipe zonse ziwiri, ndisayine lisanathe tsiku. Ndipo inu a mapulogalamu, pepala lanu lija musadzalibweretsenso pamaso panga."

Ndinazimitsa purojekitala. Pamene ndinkakulunga mawaya, anthu anatuluka mmodzimmodzi. Achemwali anatsala. Anatseka chitseko.

"Unadina iwe," anatero.

"Anandiuza abwana, munamva nokha."

"Poyamba paja. Pa 9 wa a Kalondolondo uja. Palibe anakutuma. Unafuna kuti akuone kuti ndiwe wanzeru. Ndinakuona nkhope, unkamwetulira."

"Ndinkateteza nthambi yanu!"

"Nthambi yanga? Ilipo nthambi yanga tsopano? Zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinayamba ndi mphasa zitatu ndi odwala anayi m'chipinda chija, iwe uli kusukulu yako ya makompyuta, yunifolomu ndikukuchapira ine."

"Simukanasintha nthawi mwakachetechete. Mukanandiuza ine."

"Ndikuuze? Sunkaona? Umafuna ndikulembere mu pivoti?"

Anatsegula chitseko. A Kalondolondo anali ataima panja pomwepo ngati akuwerenga chidziwitso chapakhoma. Achemwali anawadutsa osawayang'ana.

Makalata ndinatayipa. Ya achemwali ndinailemba dzina lathu la bambo, lomwenso lili pa yanga. Abwana anasayina zonse ziwiri ndi cholembera chimodzi. Lamlungu sindinapite kukaona bambo. Ndinaimba foni kawiri, sinayankhidwe.

Lachiwiri lotsatira ndinafika kuofesi 7:30 monga mwa masiku onse. Ndinali nditangoyatsa kompyuta pamene ndinamva galimoto ikuima pageti, kenako mawilo akukwera movutikira pasitepe ya pakhomo. Achemwali analowa chafutambuyo akukoka wilutcheya. Bambo anali atavala jekete lawo lakutchalitchi ndi chipewa, chikwama cha pulasitiki chili pamiyendo. Anawakankha mpaka pambali pa tebulo langa n'kumanga mabuleki.

"Achemwali, n'chiyani ichi?"

"A Sisitala sadziwa komwe kuli makiyi a kabati, sadziwa wodwala ndi mmodzi yemwe. Ndikupita kukawaonetsa, kenako ndizungulira m'makomo mwa aja anasiya, ndikawauze kuti tabwerera m'mawa. Udindo andilanda, koma anthu aja ndi anga." Analoza chikwama. "Phala lili m'fulasiki. Mankhwala oyera 9 koloko, theka. Akagogoda pampando kawiri ndiye kuti akufuna kuchimbudzi, ndipo sadikira. Chilonda usachikhudze ndi sopo. Alamu ako adzawatenga 1:30. Lachinayi ubwere kunyumba 6 koloko m'mawa udzakhale nawo, apo ayi ndidzawabweretsanso."

"Pano ndi pantchito. Abwana akaona..."

"Uwauze. Si iwe wodziwa kufotokoza?"

Anawerama, nawongola chipewa cha bambo, natuluka.

A Kalondolondo anafika patangopita mphindi zochepa. Anaima pakhomo, kuyang'ana bambo, kuyang'ana ine.

"Tatsegula nthambi yachinayi?"

Anapita molunjika kuofesi ya abwana, ndipo ndinamva mawu awo akukwera kuseri kwa chitseko. Patapita kanthawi abwana anatuluka. Anapereka moni kwa bambo mwaulemu, atagwira dzanja lamanzere ndi manja awo onse awiri, kenako anandiyang'ana.

"Lero lokha," anatero. "Mukamaliza mubwere tikambirane za maola anu a Lachiwiri ndi Lachinayi. Mudzawabweza Loweruka."

Bambo ankayang'ana sikirini yanga, pomwe tebulo lija linali lotsegula. Sindikudziwa ngati ankaona manambala kapena kuwala chabe. Ndinawathirira phala m'kapu, ndinawamwetsa ndi supuni, lina likutsikira pachibwano. Ndinalipukuta ndi tishu ya muofesi. Asanamalize theka anakweza dzanja lamanzere n'kugogoda pachitsulo cha wilutcheya kawiri.

Chimbudzi chathu chili kumapeto kwa khonde, kupitirira ofesi ya a Kalondolondo, ndipo chitseko chake n'chopapatiza moti wilutcheya singalowe. Ndinawakankha mpaka pakhomo. Ndinaika dzanja lawo lamanzere pakhosi panga, ndinawagwira m'chiuno n'kuwadzutsa. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira, mafupa okhaokha m'jekete. Mwendo wakumanja unkakokeka pansi. Ankapumira m'khutu mwanga, nkhope atayang'anitsa kukhoma kuti tisaonane maso.

"Pepani bambo," ndinatero. "Sindinazolowere. Mundiuze ndikalakwitsa."

Ndinakankha chitseko ndi phazi, tinalowa.